Inveta ikungosinthasintha pakati pa batire ndi magetsi a kampani

*Zikomo akatswiri. Kunyumba ndili ndi mapanelo a sola anayi a 300W lililonse, mabatire awiri a jelo a 12V 200Ah olumikizidwa kuti apereke 24V, ndi inveta ya 3kVA yomwe imalandiranso magetsi a kampani. Ndinaiika pa SBU, pochokera pa batire 24.0V, pobwerera pa batire 25.0V. Madzulo pampu ya madzi ikangoyaka, inveta imalira kuti "tha", yapita ku magetsi a kampani, posakhalitsa "tha", yabwereranso, mpaka usiku. Chondipweteka kwambiri n'choti magetsi akathima ndimapeza batire lafooka kale. Kodi yawonongeka?*

Sinawonongeke ayi. Ikutsatira ndendende manambala awiri amene munaipatsa, kungoti manambalawo ayandikana kwambiri, komanso SBU, ndondomeko yosankhira gwero la magetsi imene mwasankhayo, inapangidwira cholinga china, osati chimene inu mukufuna. Kulira kuja ndi kwa swichi ya m'kati yotchedwa rileyi, yomwe imachotsa nyumba pa gwero limodzi la magetsi n'kuiika pa lina. Rileyi siganiza, imangotumidwa ndi kabongo ka inveta. Choncho tione chimene kabongoko kamayang'ana kasanatume.

Inveta yamtundu wanuwu siona kuchuluka kwa mphamvu yotsala m'batire. Imangoyeza voteji pa timabawuti take tiwiri pamene pafikira mawaya a batire, n'kumaganizira kuchokera pamenepo. Batire la asidi, kaya la madzi kaya la jelo, likapuma kwa maola angapo popanda kutchajidwa kapena kukokedwa, voteji yake imanena zoona: la 24V lodzaza limaonetsa pafupifupi 25.5V, ndipo likafika theka limaonetsa pafupifupi 24.3V. Taonani kufupika kwake. Theka lonse la batire lakwana mu voti imodzi ndi pang'ono. Vuto n'loti batire la m'nyumba silipuma. Likamakokedwa voteji imatsika kuposa mmene lilili, likamatchajidwa imakwera kuposa mmene lilili, ndipo kutsika ndi kukwera kumeneku kumatha kuposa voti imodzi ija.

Tiyeni tiwerengere za nyumba yanu. Tiyerekeze kuti madzulo mababu, wailesi yakanema ndi filiji zikudya 300W. Inveta imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi posandutsa magetsi, ndiye ku batire ikukoka ngati 330W, omwe pa 24V ndi maampu 14. Batire ndi mawaya ake zimakaniza magetsi pang'ono, ndipo pa mabatire ogwirapo ntchito ngati anuwa titenge 0.02 omu ngati chitsanzo. Kutsika kwa voteji timakupeza pochulukitsa maampu ndi kukanizako:

```
V = I × R
14 × 0.02 = 0.28V
40 × 0.02 = 0.8V
90 × 0.02 = 1.8V
```

Nthawi ikamakwana 7 koloko, tinene batire lili ndi magawo atatu mwa anayi, lomwe likanapuma likanaonetsa 24.9V. Ndi maampu 14 aja inveta ikuwerenga 24.6V, ndipo ili phee. Kenako pampu yayaka. Pampu yaing'ono yodya 550W ikamayenda imakweza zonse kufika maampu 40, ndiye voteji imakhala 24.1V, pakhomo penipeni pa 24.0V yanu. Koma mota iliyonse ikamadzuka imakoka kangapo kuposa mmene imakokera ikamayenda. Kwa sekondi imodzi kapena awiri maampu atha kufika 90, voteji n'kugwa mpaka 23.1V. Inveta zina zimasamuka nthawi yomweyo, zina zimadikira masekondi angapo, koma pampu ikapitiriza kuyenda voteji imatsetserekabe mpaka kudutsa 24.0V. Kabongo kaja kamati batire latha, rileyi n'kulira koyamba.

Tsopano nyumba ili pa magetsi a kampani ndipo batire latulidwa katundu. Voteji yake imabwerera yokha chakufupi ndi 24.9V, popeza silinathe n'komwe. Pamwamba pa apo, tchaja ya m'kati mwa inveta imayamba kulikankhira maampu 20 kapena 30 ochokera ku kampani, ndipo batire la asidi likangoyamba kulandira, voteji yake imadumpha msanga ngakhale mphamvu yeniyeni yolowa ili yochepa. Pa mphindi imodzi kapena ziwiri 25.0V yadutsidwa kale. Kabongo kati batire ladzaza, rileyi n'kulira kachiwiri. Maampu 20 kwa mphindi ziwiri sakwana ngakhale 1Ah pa batire la 200Ah, ndiye palibe chasintha, ndipo pampu kapena filiji ikadzukanso nkhani imayambiranso. Mpata wanu pakati pa pochokera ndi pobwerera ndi voti imodzi, pomwe voteji ikugwedezeka ndi mavoti awiri kapena kuposa popanda batire kusintha kwenikweni.

N'chifukwa chake makina aliwonse osankha gwero la magetsi amafuna malire awiri otalikirana. Malire apansi amati "choka pa batire", ndipo apamwamba amati "bwerera", koma apamwambawo ayenera kukhala pamalo pomwe batire silingafikepo mwa kungopuma kapena kungogwedezedwa ndi tchaja. Pa batire la asidi la 24V malowo ayambira pa 27.0V. Mainveta ambiri amtunduwu amachoka kufakitale ali ndi 23.0V pansi ndi 27.0V pamwamba, mpata wa mavoti anayi. Ndikuganiza kuti wina anasintha anu pofuna kuteteza batire mbali imodzi ndi kuligwiritsa ntchito msanga mbali inayo. Cholinga chinali chabwino, koma zinthu ziwirizo sizingatheke pamodzi.

Musakuone ngati phokoso chabe. Posamuka, inveta imadula kaye gwero lakale isanalumikize latsopano, ndipo nyumba imakhala yopanda magetsi kwa mamilisekondi pafupifupi 10 mpaka 20. Kompyuta ndi wailesi yakanema nthawi zambiri sizimva, koma timano ta rileyi timapsa pang'ono nthawi iliyonse ikadula maampu ambiri, ndipo ikamachita zimenezi kambirimbiri usiku uliwonse imadzakanirira kapena kuleka kugwira. Filiji nayo ikazima n'kuyakanso nthawi yomweyo, kompulesa yake imalimbana ndi gasi amene sanakhazikike, chifukwa imafuna mphindi zitatu kapena zisanu isanadzukenso.

Tibwere ku chokupwetekani chija, chomwe kwa ine ndiye nkhani yaikulu. Zilembo za `SBU` zikutanthauza ndondomeko yoti sola ayambe, batire litsatire, magetsi a kampani akhale omaliza. Ndondomeko imeneyi ndi ya munthu wofuna kuchepetsa bilu. Dzuwa likangolowa imayamba kudya batire ngakhale magetsi a kampani alipo bwinobwino, ndipo imasiya pokhapokha lafika pa malire apansi. Pa katundu wopepuka wa maampu 14, 24.0V ya pa sikirini ndi 24.3V ya batire lopuma, kutanthauza theka. Ndiye masiku amene pampu sinasokoneze, inveta imatsitsa batire mpaka theka, n'kupita ku kampani. Magetsi akathima 10 koloko usiku, mukuyambira pa theka, pamene batire la asidi limayenera kuthera. Pamenepo inveta ilibe kothawira, ndiye imapitiriza kukoka mpaka malire achitatu, ozimitsira zonse, omwe pa ambiri amabwera ali pa 21.0V. Kufika pamenepo batire lakamidwa mpaka pansi, ndipo la jelo silipirira zimenezi kambiri.

Choncho musanakhudze batani lililonse, werengani kaye nkhokwe imene mukufuna kusunga. Tinene kuti kwanuko magetsi akathima amatenga maola anayi. Maampu 14 kwa maola anayi ndi 56Ah, kapena kuti 28 peresenti ya 200Ah. Ngati simukufuna kudutsa theka, muyenera kuchoka pa batire lidakali ndi pafupifupi 80 peresenti. Zikatero zotsala zoti "mupulumutsire bilu" ndi 40Ah zokha, zomwe ndi maola osakwana atatu a madzulo, mphamvu yosakwana yuniti imodzi ya pa mita. Funso loti mudzifunse n'lakuti, kodi yuniti imodzi pa tsiku ikuyenerana ndi kukalambitsa mabatire usiku uliwonse? Ine ndimati ayi, kumene magetsi amathimathima komanso mabatire ali a asidi.

Ndikanakhala inu ndikanasankha ndondomeko yoti sola ayambe, magetsi a kampani athandize, batire lidikire. Pa mainveta atsopano imalembedwa `SUB`. Masana nyumba imadya dzuwa, likachepa kampani imaonjezera, ndipo batire limakhala lodzaza kudikira kuthima. Pa mainveta akale mupeza `SOL`, yomwe ndi yosiyana pang'ono: masana sola akachepa batire limathandiza, koma dzuwa likalowa nyumba imapita ku kampani. Nayonso imakusungirani batire usiku. Pali ina yachitatu, `USB` kapena `UTI`, yoika kampani patsogolo nthawi zonse, ndipo sola amangotchaja batire. Imeneyo ndi yotetezeka koma mapanelo anu a 1200W azikhala ulesi tsiku lonse batire likadzaza. Werengani kabuku ka inveta yanu pa mzere wa `output source priority`, chifukwa opanga amasiyana pa tanthauzo la zilembozi, ndipo chimene chalembedwa m'kabuku kanu ndicho chimene makina anu achite.

Ngati mukufunabe `SBU`, zitheka, koma manambala akhale otere: pochokera 24.5V, pobwerera 27.0V. Mwina mudabwa kuti 24.5V ndi yokwera kuposa yakale, ndiye pampu izidutsa mosavuta. Zoona, izidutsa, ndipo inveta ipita ku kampani msanga kuposa mmene ikanayenera. Koma ikapita ikhala komweko mpaka m'mawa, batire lili ndi zambiri. Ngati makina alakwitse, ndi bwino alakwitsire mbali imeneyo.

Pali chosankha china chimene anthu ambiri sachiona, ndipo chimatha kuwononga zonse mwakonzazi. Kupatula ndondomeko ya chodyetsa nyumba, inveta ili ndi ndondomeko ina ya chotchaja batire, `charger source priority`. Ikakhala pa `SNU`, sola ndi kampani amatchaja limodzi. Ikakhala pa `CSO`, sola ndiye woyamba, koma dzuwa kulibe kampani imatchaja. Pa `OSO` amatchaja sola yekha. Taganizani `SBU` yophatikizidwa ndi `SNU` kapena `CSO` usiku. Inveta yapita ku kampani 9 koloko, kampani yatchaja batire mpaka 27.0V cha m'ma 11 koloko, inveta yabwerera pa batire, yalitsitsanso, yapitanso ku kampani. Kulira kwachepa, mwina kawiri kapena katatu usiku wonse, koma chikuchitika n'choti mukugula magetsi, kuwadutsitsa m'batire, n'kuwagwiritsa ntchito ataperewera. Tchaja imataya pafupifupi 10 peresenti, batire la asidi 15 kapena 20, inveta 10 inanso, ndiye pa mayuniti atatu mwagula mumalandira awiri okha. Zili ngati kutunga madzi pampopi ndi ndowa yobooka pomwe paipi yafika kale m'nyumba. Amene akufuna `SBU` ayenera kuiphatikiza ndi `OSO`, kuti 27.0V ifikiridwe ndi dzuwa lokha.

`OSO` nayo ili ndi mtengo wake. Magetsi akathima usiku n'kubweranso 2 koloko, batire likhala lofooka mpaka kucha, ndipo akathimanso muli mumdima. Kukachita mitambo masiku angapo, batire la asidi limakhala losadzaza, ndipo mapuleti ake amamera timibulu touma ta salifeti tomwe sitisungunukanso. Batire lotere limafuna kudzazidwa mpaka pamwamba, kufika 28.2V kapena voteji imene wopanga walemba pa thupi lake, osachepera kamodzi pa mlungu. Ndiye m'nyengo ya mitambo muyenera kusintha nokha. Apa mponso `SUB` imapambanira: mutha kuiphatikiza ndi `SNU` popanda kuzungulira kuja, popeza batire silikokedwa magetsi a kampani alipo. Maampu otchajira kuchokera ku kampani muwaike pa 20, omwe ndi gawo limodzi mwa khumi a 200Ah.

Pa pobwerera mupezanso mawu oti `FUL` m'malo mwa nambala, otanthauza kuti inveta idikire mpaka batire lidzaziretu. Ndi abwino kwa batire, koma pa mainveta amene akakhala pa kampani sola amangotchaja osadyetsa nyumba, mutha kudikira mpaka masana ndithu dzuwa likungotayika, chifukwa gawo lomaliza la kutchaja batire la asidi limayenda pang'onopang'ono ndipo limalandira maampu ochepa. Pa 27.0V mumabwerera cha m'mamawa dzuwa litakwera, ndipo mapanelo amamaliza kudzaza batire uku akudyetsa nyumba.

Makina oganiza bwino saona voteji yokha, amaonanso nthawi. Amene amadzipangira okha kabongo kotere, kapena amene inveta yawo imalola kuika nthawi yodikira, ndondomeko yake imaoneka chonchi:

```
if src == BAT and v < 24.5 for 60s and grid_ok for 30s:
    src = GRID
if src == GRID and not grid_ok:
    src = BAT
if src == GRID and v > 27.0 for 600s and pv_w > load_w:
    src = BAT
if src == BAT and v < 23.0 for 60s and not grid_ok:
    out = OFF
```

Pa mizere yoyamba ndi `if`, wachiwiri wokha ndi umene ulibe kudikira, chifukwa magetsi akathima palibe chokambirana. Ina yonse imadikira. Masekondi 60 a mzere woyamba amalola mota kudzuka popanda kuopseza makina. Masekondi 30 a `grid_ok`, kutanthauza kuti magetsi a kampani ali bwino, alipo chifukwa magetsi akamabwera kuchokera kothima amatha kuphethira kapena kubwera ndi voteji yokwera, ndiye si bwino kuwalumphira. Mzere wachitatu ukufunsa zinthu ziwiri nthawi imodzi, kuti batire lakweradi kwa mphindi khumi komanso kuti dzuwa likupereka zoposa zimene nyumba ikudya, ndipo funso lachiwirili ndi limene limaletsa kubwerera pa batire pakati pa usiku. Mzere womaliza ndi wozimitsa. Pa inveta yanu muukweze kuchoka pa 21.0V kufika 22.5V kapena 23.0V. Ambiri amalola kusintha nambalayi mukaika mtundu wa batire pa `USE`, koma mukatero muyenera kuikanso nokha voteji yotchajira yolembedwa pa batire lanu. Dziwaninso kuti ndi malire okwera chonchi, kuyatsa pampu magetsi atathima kutha kuzimitsa nyumba yonse. Pampu izipopa masana dzuwa lili pamutu.

Tanthauzo la `grid_ok` nalo mumasankha ndinu. Pa `UPS` inveta imavomera magetsi a kampani akakhala pakati pa 170V ndi 280V ndipo imasamuka mofulumira, pomwe pa `APL` imavomera ngakhale atatsika mpaka 90V. Ngati kwanuko voteji imatsika madzulo aliyense akayatsa zake, `UPS` itha kumakana magetsiwo n'kuthawira pa batire, ndipo kulira kwake n'kofanana ndi kumene mwanenaku. Kuti musiyanitse, yang'anani sikirini pa nthawi imene yalira. Ngati nambala ya magetsi olowa ndi imene yagwa, vuto lili kunja. Ngati ndi ya batire, lili m'kati. Musathamangire ku `APL` pofuna bata, chifukwa 120V ikadutsa n'kufika ku filiji ndi pampu, mota zimatentha.

Musanakhutire kuti manambala okha akonza zonse, yezani zinthu ziwiri. Choyamba ndi mawaya. Pampu ikuyenda, yezani ndi mita voteji pa mitu ya batire, kenako pa timabawuti ta inveta. Kusiyana kukapitirira 0.4V kapena 0.5V, inveta ikunamizidwa ndi waya woonda kapena polumikizira posamanga. Waya wa kopa wa 10mm² wotalika mamita awiri kupita ndi awiri kubwera amataya pafupifupi 0.6V pa maampu 90, pomwe wa 35mm² amataya zosakwana 0.2V. Inveta ya 3kVA pa 24V ikanyamula mokwanira imakoka maampu oposa 100, ndiye 35mm² ndi amene amayenera. Polumikizira pakatentha mukapakhudza, pamenepo mpamene voteji ikutayika. Chachiwiri ndi mabatire enieniwo. Adzazeni, chotsani magetsi a kampani dzuwa litalowa, muyatse katundu wa 300W uja. Mabatire amoyo a 200Ah ayenera kutenga pafupifupi maola asanu ndi awiri asanafike 24.0V. Akafika pa maola atatu, ataya mphamvu zambiri, ndipo palibe nambala imene ingawabwezere. Yezaninso lililonse palokha katundu ali chiyakire. Likapezeka lina lili pa 12.3V lina pa 11.6V, lofookalo ndi limene likukokera onse pansi.

Mukadzasinthira ku mabatire a lifiyamu amtundu wa LiFePO4, manambala onsewa musawatengere kumeneko. Batire lotere la maselo asanu ndi atatu limakhala pafupi ndi 26V pafupifupi ulendo wake wonse, kuyambira 80 peresenti mpaka 20 peresenti kusiyana kwake sikukwana voti imodzi, kenako limagwa mwadzidzidzi kumapeto. Kusankha gwero poyang'ana voteji pamenepo n'kungolota. Pamafunika waya wolankhulirana, wa `CAN` kapena `RS485`, pakati pa inveta ndi kabongo ka batire kotchedwa `BMS`, kuti malire akhale a peresenti, mwachitsanzo kuchoka pa 40 ndi kubwerera pa 80. Ndi lifiyamu `SBU` imayamba kukhala yanzeru, popeza amapirira kutsitsidwa tsiku ndi tsiku ndipo amataya zochepa.

Zosintha pa sikirini mutha kuchita nokha, koma mawaya a mbali ya 230V muwasiyire wamagetsi wovomerezeka. Waya wotuluka mu inveta asakumane paliponse ndi wa kampani, chifukwa magetsi akathima mutha kutumiza anu kunja kumene anthu akukonza mawaya. Wamagetsiyo aonenso ngati swichi yoteteza anthu ku shoko, ya `RCD`, ikudula bwino nyumba ikakhala pa batire. Pa mainveta ena, akachoka pa kampani waya wa nyutulo salumikizidwanso ndi wa nthaka, ndipo swichiyo imatha kulephera kuona vuto. Batani lake loyesera silikwanira kutsimikiza zimenezi, ayeze ndi chida chake pa soketi kawiri, nyumba ili pa kampani komanso ili pa batire.